Nyemba ndi masamba tsiku lililonse, nanga magazi akuchepa bwanji?

"Ndinasiya kudya nyama zaka ziwiri zapitazo. Nyemba, mphodza ndi sipinachi sizisowa pa mbale yanga, ndipo ndikawerengetsa pa tchati cha zakudya, ayironi amene ndimadya amaposa wa mchemwali wanga amene amadya nyama. Koma atandiyeza sabata yatha anati magazi anga ndi ochepa, himogulobini ili pa 11, pamene iye ali bwinobwino. Ndili ndi zaka 34 ndipo sindine woyembekezera. Kodi ayironi wa m'zomera ndi wabodza? Ndichite chiyani popanda kubwerera ku nyama?"

Mayi, ayironi wa m'nyemba zanu ndi weniweni, yemweyo amene ali mu nyama. Tchaticho sichinakunamizeni, koma chimangowerenga ayironi amene wafika pakamwa. Amene wadutsa khoma la matumbo n'kulowa m'magazi ndi nkhani ina, ndipo pa zakudya za m'zomera nambala ziwirizi zimatalikirana kwambiri.

Tiyambe ndi zimene thupi lanu limafuna. Munthu wamkulu amakhala ndi magalamu atatu kapena anayi a ayironi m'thupi lonse, ndipo wambiri mwa iye ali m'maselo ofiira a magazi, m'kati mwa himogulobini, chinthu chimene chimanyamula mpweya wabwino m'magazi. Thupi silimutaya mwachisawawa ayironiyu. Maselo ofiira akakalamba pakatha masiku pafupifupi 120 amaphwanyidwa, ayironi wake n'kubwezedwa kuti akapangire maselo atsopano. Amene amatayika ndi pafupifupi miligalamu imodzi patsiku, kudzera m'khungu ndi m'maselo a m'matumbo amene amasupuka. Kwa mayi amene akusamba mwezi ndi mwezi, tikagawa magazi a msambo pa masiku onse a mwezi, zotayikazo zimafika pa miligalamu imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Ndiye ntchito ya chakudya chanu cha tsiku lonse ndi kulowetsa m'magazi miligalamu imodzi ndi theka basi. Zikumveka zochepa. Vuto n'lakuti thupi lilibe njira yotulutsira ayironi akachuluka, ndipo ayironi wochuluka amawononga chiwindi ndi mtima, choncho matumbo ndi aumbombo: amalola pang'ono, wotsalayo n'kupita kuchimbudzi.

Mu nyama, nsomba ndi nkhuku, gawo lina la ayironi limakhala lotsekeredwa pakati pa kamphete kotchedwa himu, komwe kamafiiritsa magazi ndi mnofu. Si ayironi yense wa mu nyama amene ali choncho. Kawirikawiri amawerengera 40 peresenti, ngakhale mu nyama yofiira ngati ya ng'ombe amaposa pamenepo. Kampheteka kamayenda kathunthu kuchokera m'chifu mpaka kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, n'kulowa m'maselo a khoma la matumbo kasanamasulidwe. Kamamasulidwira m'kati. Chifukwa cha ichi, zinthu zina zimene munthu wadyera limodzi sizimukhudza kwenikweni ayironiyo, popeza sizikumana naye n'komwe. Thupi limayamwa pakati pa 15 ndi 35 peresenti ya ayironi wa mtundu umenewu.

Ayironi wa m'zomera alibe chomuteteza. Chakudya chikafika m'chifu, asidi amamusungunula n'kumuchotsa m'chakudyacho, ndipo amasakanikirana ndi zonse zimene zili m'chifumo nthawi imeneyo. Ofufuza anapeza kalekale kuti ayironi yense wopanda himu wa chakudya chimodzi, kaya wachokera m'nyemba, m'buledi, m'masamba kapena mu ufa wowonjezeramo ayironi, amakhala ngati wathiridwa m'dziwe limodzi, ndipo tsogolo lake limakhala limodzi. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Kufunsa kuti thupi limayamwa ayironi wochuluka bwanji kuchokera m'nyemba n'kufunsa funso lopanda yankho limodzi, chifukwa nyemba zomwezo zikhoza kupereka 2 peresenti lero, mawa n'kupereka 15, malinga ndi zimene zinatsagana nazo komanso mmene thupi lanu lilili.

Pali chinthu china chokhudza ayironi wosatetezedwayu. Amapezeka m'maonekedwe awiri, amene asayansi amawalemba Fe3+ ndi Fe2+. Wa m'zomera wambiri ndi Fe3+, wachibale wa dzimbiri, ndipo sachedwa kuundana. M'chifu, mmene muli asidi wambiri, amakhala wosungunuka. Koma chakudya chikangotuluka m'chifu kulowa m'matumbo, madzi ochokera ku kapamba amazimitsa asidi uja, ndipo Fe3+ amayamba kuundana kukhala timibulu timene sitingayamwike. Khomo lolowetsa ayironi m'maselo a matumbo limangolandira Fe2+. Pakhoma la matumbo pali chinthu chimene chimasandutsa Fe3+ kukhala Fe2+, koma malo amene ntchitoyi imachitika bwino ndi afupi, kachigawo koyambirira ka matumbo aang'ono basi. Ayironi amene wafika pamenepo ataundana kale kapena atagwidwa ndi chinthu china amangodutsa, ulendo wa kuchimbudzi.

Chogwira ayironi chachikulu pa zakudya zanu ndi faiteti. Mbewu iliyonse imasunga fosifolasi wake m'njira ya faiteti kuti idzagwiritse ntchito pomera, choncho amapezeka m'nyemba, mphodza, soya, mtedza, ndi m'gaga wa tirigu, mpunga ndi chimanga. Faiteti amamata ayironi mwamphamvu, ndipo matumbo a munthu alibe mphamvu yokwanira yomuphwanya. Leif Hallberg ndi anzake ku Sweden anayesa izi mu 1989 pothira faiteti m'timabuledi timene tinalibe faiteti. Kachulukidwe kakang'ono kwambiri, ka mamiligalamu awiri a fosifolasi wa faiteti, kanachepetsa kuyamwa kwa ayironi ndi 18 peresenti. Mamiligalamu 25 anachepetsa ndi 64 peresenti, ndipo 250 anachepetsa ndi 82 peresenti. Taonani mmene nambalazi zikuyendera. Kuwononga kwakukulu kumachitika ndi faiteti woyambirira wochepa uja, wowonjezerayo amangomalizitsa. Tanthauzo lake n'lowawa pang'ono: mukachotsa theka la faiteti m'chakudya chimene chinali naye wambiri, phindu lake limakhala laling'ono, popeza wotsalayo akadali wokwanira kugwira ayironi.

N'chifukwa chake sindilimbikira kwambiri malangizo amene mumawamva ponseponse akuti ingoviikani nyemba usiku wonse basi vuto latha. Kuviika n'kwabwino, nyemba zimapsa msanga ndipo mpweya m'mimba umachepa, komanso faiteti wina amatuluka ngati madzi oviikirawo mwawataya. Koma amene amatuluka ndi wochepa. Zimene zimaphwanyadi faiteti ndi kumeretsa mbewu ndi kusasitsa. Mbewu ikayamba kumera imadzutsa chophwanya faiteti chake, chotchedwa faitezi. Tirigu ali ndi faitezi wamphamvu, moti buledi amene mtanda wake unasiyidwa maola ambiri kuti usase pang'onopang'ono amataya faiteti wambiri, kusiyana ndi buledi wa ufa wosapuntha wofufumitsidwa mwachangu kapena wosafufumitsa konse. Chimanga, mpunga ndi otsi zili ndi faitezi wochepa, choncho kuziviika m'madzi chabe sikusintha zambiri. Kuphika kokha nako sikumuwononga faiteti, amapirira moto.

Simunandiuze chimene mumamwera chakudya chanu, koma funso limeneli ndi limene ndimayamba kufunsa aliyense wobwera ndi dandaulo ngati lanu, ndipo nthawi zambiri yankho limakhala tiyi. M'tiyi muli zinthu zimene zimakhakhatitsa lilime, za m'gulu la mapolifenolo, zomwe ambiri amazitchula kuti matanini. Zikakumana ndi ayironi zimapanga chinthu chakuda chosasungunuka. Kale anthu ankapanga inki yolembera posakaniza matanini a m'mitengo ndi ayironi, ndiye ganizirani inki imeneyo ikupangika m'mimba mwanu. Pa kafukufuku wina wa mu 1983 ku America, kapu ya tiyi yomwera chakudya inachepetsa kuyamwa kwa ayironi ndi 64 peresenti, ya khofi ndi 39 peresenti. Khofi womwa kutatsala ola limodzi kuti munthu adye sanachepetse kanthu, koma womwa patatha ola limodzi atadya anachepetsabe, chifukwa chakudya chinali chikadali m'chifu. Tiyi akakhala wamphamvu kwambiri amagwiranso kwambiri. Tiyi wobiriwira, koko, vinyo wofiira ndi matiyi ena a masamba onunkhira nazonso zili ndi mapolifenolo. Kuthira mkaka sikupulumutsa ayironi, ndipo tiyi kapena khofi wochotsedwa kafeini amagwira chimodzimodzi, popeza wolakwa si kafeini.

Mapolifenolo alinso m'chakudya chenichenicho. Makoko a nyemba zofiira ndi zakuda ali nawo ambiri kuposa a nyemba zoyera. Sipinachi amene mumamudalira uja alinso nawo, pamodzi ndi kashiyamu. Ali ndi ayironi ndithu, pafupifupi mamiligalamu atatu pa magalamu 100, koma amene thupi limapezapo ndi wochepa kwambiri. Musamusiye, ali ndi zabwino zina, kungoti musamuwerengere ngati nkhokwe yanu ya ayironi. Kabichi ndi burokoli zili ndi ayironi wocheperapo pa tchati, koma wake amayamwika bwino chifukwa zimabwera ndi vitamini C wakewake.

Kashiyamu ndi wapadera chifukwa ndi yekhayo amene amachepetsa kuyamwa kwa mitundu yonse iwiri ya ayironi, ngakhale wa himu. Mamiligalamu 300, omwe ndi ofanana ndi amene ali m'tambula yaikulu ya mkaka, akhoza kudula pafupifupi theka la ayironi wa chakudya chimodzi. Komabe anthu amene anatsatiridwa kwa miyezi yambiri akumwa mkaka kapena mapiritsi a kashiyamu sanaoneke kuti ayironi wawo watsika kwenikweni. Ine sindiuza munthu kuti asiye mkaka. Ndimangoti mkaka, yogati ndi tchizi zisakhale pa chakudya chimene mukuchidalira pa ayironi, ndipo mapiritsi a kashiyamu asamwedwe nthawi imodzi ndi a ayironi.

Tsopano kumbali yothandiza. Wamphamvu kuposa onse ndi vitamini C, ndipo amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amasandutsa Fe3+ kukhala Fe2+, amene khomo lija limalandira. Komanso amamugwira ayironi akadali m'chifu, faiteti ndi matanini asanamupeze, n'kumusunga wosungunuka mpaka kufika pamalo oyamwira. Mukamvetsa zimenezi muona nokha chifukwa chake nthawi ili yofunika. Lalanje lodyedwa m'mawa silingathandize nyemba zamadzulo. Vitamini C amene ali kale m'magazi alibe ntchito pa nkhaniyi, akufunika akhale m'chifu pamodzi ndi ayironiyo.

Kuchuluka kwake nakonso n'kofunika. Kumwaza timadontho ta mandimu pamwamba pa ndiwo kumakometsa, koma sikukwanira. Madzi a ndimu limodzi lathunthu amapereka mamiligalamu pafupifupi 20. Pa chakudya cha faiteti wambiri mukufunika 50 kapena kuposerapo, ndipo kuchuluka kumeneku kukhoza kuwirikiza kawiri kapena katatu ayironi woyamwidwa pa chakudya chimenecho. Lalanje limodzi lapakati lili ndi pafupifupi 70. Gwafa mmodzi amaposa pamenepo kutali. Theka la tsabola wosawawa wamuwisi limakwananso. Tomato mmodzi ali ndi ochepera 20, choncho payekha sakwana. Ndipo vitamini C amaopa moto ndi madzi: masamba ophikidwa nthawi yaitali m'madzi ambiri, kapena ndiwo zotenthetsedwa kachiwiri, zimakhala zitataya wambiri. Kuthira soda kuti masamba kapena nyemba zifewe msanga kumamaliziratu wotsalayo. Chodalirika ndi chipatso kapena masamba aawisi pambali pa mbale, kapena masamba ophikidwa mwachidule akadali obiriwira.

Ndikuchenjezeni za malire ake kuti musayembekezere zozizwitsa. Nambala zazikulu zimene ndatchulazi zinapezeka poyesa chakudya chimodzi, munthu atagona ndi njala. Amasakaniza ayironi wodziwika chizindikiro m'chakudyacho, n'kudzayeza patatha milungu iwiri kuti walowa wochuluka bwanji m'maselo ofiira. Ofufuza atayesa zakudya za masiku angapo zosakanikirana monga mmene anthu amadyera, mphamvu ya vitamini C inaoneka yocheperapo. Chomwecho amathandiza kwambiri pamene chakudya chili cha mbewu ndi nyemba zokhazokha, chopanda nyama, ngati chanu. Kwa mchemwali wanu sangasinthe zambiri.

Iye ali ndi mwayi wina umene tchati sichionetsa. Mnofu wa nyama, nkhuku kapena nsomba, kuwonjezera pa kubweretsa himu, umakokanso ayironi wa m'zomera wa m'dziwe lija kuti ayamwike bwino. Kanthuli kakang'ono ka magalamu 50 kakhoza kuwonjezera kuyamwa kwa ayironi wopanda himu wa chakudya chonsecho ndi pafupifupi 40 peresenti. Mazira ndi mkaka zilibe mphamvu imeneyi, ndipo ayironi wa m'dzira alibe himu, amayamwikanso movutikira. Ndikunena izi kuti mumvetse kusiyana kwa inu ndi iye, osati kukukankhirani ku nyama. Ngati nsomba mumadyako, dziwani kuti pang'ono pokha pa chakudya cha nyemba pamathandiza. Ngati simudya, vitamini C ndi amene alowe m'malo.

Tiyeni tiwerengetse mbale imodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Nambala izi ndi zoyerekeza, munthu aliyense amasiyana, koma zikuonetsa njira. Tinene kuti masana mwadya kapu imodzi ya nyemba zophika, yomwe ili ndi mamiligalamu pafupifupi anayi a ayironi, pamodzi ndi mpunga ndi masamba zimene zikuwonjezera awiri. Onse pamodzi asanu ndi limodzi. Pa chakudya chotere, chopanda chothandizira, tiyerekeze kuti thupi layamwa 5 peresenti. Mwapeza 0.3 ya miligalamu. Mukamwera tiyi wamphamvu n'kutaya magawo asanu ndi limodzi pa khumi, mwatsala ndi 0.12. Koma mukachotsa tiyi n'kudyera lalanje lathunthu, kuyamwa n'kukwera kufika pa 10 kapena 15 peresenti, mwapeza pakati pa 0.6 ndi 0.9. Mbale ndi yomweyo, tchati chikuwerenga chimodzimodzi, koma pakati pa tsiku la tiyi ndi tsiku la lalanje pali kusiyana kwa kasanu kapena kuposa. Pa zakudya zitatu za mtundu wa tiyi uja simungafike ngakhale theka la miligalamu patsiku, pamene mukutaya imodzi ndi theka.

Mchemwali wanu akadya magalamu 100 a nyama ya ng'ombe, tchati chimamupatsa mamiligalamu awiri ndi theka okha, ochepera theka la anu. Tinene kuti theka lake ndi wa himu, ndipo akuyamwapo 25 peresenti: wapeza 0.3. Theka linalo likumupatsa mwina 0.1, ndipo mbatata kapena masamba amene wadyera limodzi akupereka zochulukirapo chifukwa cha nyamayo. Iye atamwera tiyi, 0.3 uja sagwedezeka. N'chifukwa cha kusiyana kotereku kuti akatswiri a ku America, pokonza miyezo yawo mu 2001, ananena kuti anthu osadya nyama azidya ayironi wochuluka kuwirikiza 1.8 kuposa odya nyama. Kwa mayi wa msinkhu wanu muyezo wamba ndi mamiligalamu 18 patsiku, ndiye kwa wosadya nyama umafika pa 32. Kunena zoona, ndi anthu ochepa amene amafikapo pa 32 ndi chakudya chokha, ndipo ine ndimaona kuti kukonza zotsagana ndi chakudya kumapindula kuposa kulimbana ndi kudzaza mbale.

Thupi nalo silikhala chete. Chiwindi chimapanga homoni yotchedwa hepisidini, imene inadziwika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ayironi akalowa m'maselo a khoma la matumbo amayenera kutulukira khomo lachiwiri kuti afike m'magazi, ndipo hepisidini ndi amene amatseka khomo limenelo. Nkhokwe za ayironi zikadzaza, hepisidini amachuluka, khomo n'kutsekeka, ndipo ayironi wotsekeredwa m'maselomo amatayika maselowo akasupuka pakapita masiku ochepa. Nkhokwe zikatha, hepisidini amatsika, khomo n'kutseguka. Choncho inu pakali pano mukuyamwa ayironi wa m'zomera bwino kuposa munthu amene nkhokwe zake n'zodzaza, ndipo ndi mmene anthu ambiri osadya nyama amakhalira zaka ndi zaka osadwala, ngakhale nkhokwe zawo zimakhala zocheperapo. Koma hepisidini amakweranso thupi likakhala ndi matenda kapena kutupa kwa m'kati, monga malungo, chifuwa chachikulu, matenda a impso kapena a m'malo olumikizirana mafupa. Zikatero khomo limatsekeka ngakhale thupi likusowa ayironi, ndipo palibe lalanje limene lingalitsegule mpaka matendawo athandizidwe.

Izi zikutifikitsa pa 11 wanu uja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati mayi wosayembekezera ali ndi magazi ochepa himogulobini ikatsika pansi pa magalamu 12 pa desilita. Himogulobini ndi imene imatsika pomalizira. Thupi limayamba ladya nkhokwe za m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa, ndipo zikatheratu m'pamene magazi amayamba kuchepa. Zaka ziwiri zanuzo zikugwirizana bwino ndi zimenezi: mayi amakhala ndi nkhokwe ya mamiligalamu pafupifupi 300, ndipo ngati tsiku lililonse mukutaya theka la miligalamu kuposa amene mukulowetsa, nkhokweyo imatha m'masiku 600. Munali bwino chaka choyamba chifukwa munkadya zosunga.

Tsono kubweza zimene zinatayika ndi chakudya chokha n'kovuta. Galamu iliyonse ya himogulobini ili ndi mamiligalamu 3.4 a ayironi. Mayi wolemera makilogalamu 60 ali ndi malita pafupifupi anayi a magazi, ndiye kukweza himogulobini kuchoka pa 11 kufika pa 12 kukufuna magalamu 40 a himogulobini, amene ndi mamiligalamu oposa 130 a ayironi. Onjezanipo 300 odzazira nkhokwe. Mutakonza zakudya zanu bwino mpaka kumatsala ndi theka la miligalamu tsiku lililonse, zingakutengereni zaka zoposa ziwiri. Chakudya chabwino chimateteza kuti musagwerenso m'dzenjemo, koma chokutulutsani mmene mulimo kale nthawi zambiri ndi mapiritsi.

Musanayambe kumwa kalikonse, bwererani kwa amene anakuyezani mukapemphe kuyezedwa feritini, amene amaonetsa nkhokwe. Akakhala pansi pa mamayikirogalamu 15 pa lita, nkhokwe zatheratu, ndipo madokotala ambiri amayamba kuthandiza munthu akatsika pansi pa 30. Feritini amakwera monamiza munthu akamadwala kapena akakhala ndi kutupa m'thupi, choncho musayezetse muli ndi malungo kapena chimfine champhamvu. Pa zotsatira za magazi onse muonenso kukula kwa maselo ofiira. Kusowa kwa ayironi kumawachepetsa. Akakhala aakulu kuposa muyezo, wokayikiridwa ndi vitamini B12, amene sapezeka m'zomera ndipo amatha kuperewera mwa munthu amene anasiya nyama, makamaka ngati mazira ndi mkaka anasiyanso. Zonse ziwiri zikhoza kusowa nthawi imodzi, maselo n'kuoneka ngati abwinobwino. Palinso matenda obadwa nawo a magazi amene amachepetsa maselo ofiira popanda kusowa ayironi, ndipo munthu wotero kumwa mapiritsi miyezi yambiri n'kungodziunjikira ayironi wosafunika.

Funso lina limene dokotala wabwino adzakufunsani ndi la msambo. Mililita imodzi ya magazi imanyamula pafupifupi theka la miligalamu ya ayironi. Msambo wamba wa mamililita 30 mpaka 40 umachotsa mamiligalamu 15 mpaka 20 pa mwezi. Ukapitirira mamililita 80, mwataya 40, kutanthauza miligalamu yoposa imodzi yowonjezera tsiku lililonse, ndipo pamenepo ngakhale wodya nyama amagwa. Ngati mumasintha thewera ola lililonse kapena maola awiri, ngati mumatuluka zibuluma zazikulu, kapena msambo umapitirira masiku asanu ndi awiri, nenani mosabisa, chifukwa mwina kusiyana kwanu ndi mchemwali wanu kuli pamenepo osati pa mbale. Nyongolotsi zoyamwa magazi, zilonda za m'mimba ndi kupereka magazi pafupipafupi nazonso zimamaliza ayironi mwakachetechete. Ndipo ngati mumamwa kawirikawiri mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, monga omepurazo kapena aja otafuna a chilungulira, dziwani kuti akuchotsa asidi amene ayironi wa m'zomera amadalira kuti asungunuke, pamene wa himu sakhudzidwa kwenikweni. Kulakalaka kudya dothi kapena kutafuna ayezi ndi chizindikiro chodziwika cha kusowa ayironi, ndipo dothilo limagwiranso ayironi m'matumbo n'kukulitsa vuto.

Akakupatsani mapiritsi, kumbukirani kuti ayironi wake alibe himu, choncho zonse zimene takambirana zikumukhudza. Piritsi wamba la ferasi salifeti la mamiligalamu 200 lili ndi ayironi pafupifupi 65. Limayamwika bwino m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi kapena madzi a malalanje, kutali ndi tiyi, khofi ndi mkaka. Kale anthu ankauzidwa kumwa katatu patsiku, koma kafukufuku wa ku Zurich wa mu 2015 ndi 2017 anaonetsa kuti piritsi limodzi lotere limakweza hepisidini kwa maola pafupifupi 24, moti lachiwiri limapeza khomo lili lotseka pang'ono. N'chifukwa chake madokotala ambiri tsopano amapereka kamodzi patsiku kapena kudumphitsa tsiku, zomwe zimachepetsanso nseru ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chakuda chisakuopseni, ndi ayironi wosayamwidwa. Himogulobini iyenera kukwera ndi galamu imodzi kapena awiri pakatha milungu itatu kapena inayi. Ikapanda kusuntha, pali magazi akutayika penapake, kapena matumbo sakuyamwa, kapena vuto silinali ayironi. Ikafika pabwino mupitirizebe miyezi itatu kuti nkhokwe zidzaze, apa m'pamene ambiri amasiyira panjira n'kudzabweranso chaka chamawa ndi dandaulo lomwelo. Mapiritsiwa muziwabisa patali ndi ana, ochepa chabe akhoza kupha mwana wamng'ono.

Kukhitchini, ndikanakhala inu ndikanasankha zakudya ziwiri patsiku zimene zili ndi nyemba, mphodza kapena soya, n'kuziteteza. Tiyi ndi khofi azibwera kutatsala ola limodzi kuti mudye, kapena patatha maola awiri mutadya. Pa chilichonse cha zakudya ziwirizo pakhale chipatso chathunthu kapena masamba aawisi okwana mamiligalamu 50 aja, odyedwa nthawi yomweyo. Mkaka upite ku chakudya chachitatu kapena nthawi yogona. Mphodza ndi nyemba zomeretsa masiku awiri kapena atatu, kenako n'kuphika, zilowe m'malo mwa zouma kangapo pa sabata, ndipo buledi akhale wosasitsa ngati mungamupeze. Ngati muli ndi poto wachitsulo chenicheni, osati wa aluminiyamu kapena wokutidwa m'kati, muziphikiramo msuzi wa tomato ndi zina zowawasa, chifukwa asidi ndi kuwira nthawi yaitali zimasungunula ayironi wa potoyo kulowa m'chakudya. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mutasiya mapiritsi, kayezetseninso feritini. Akakhala pamene anali, ndiye kuti mbale yanu yayamba kukwanitsa yokha. Akayambanso kutsika, kambiranani ndi dokotala za piritsi la apo ndi apo, monga kamodzi kapena kawiri pa sabata, kwa nthawi yonse imene mukusambabe.